Kalata kwa akuluakulu a unamwino: wosaina m'buku la wophunzira akhale amene anaona ndi maso

Kwa akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo, a Bungwe la Anamwino ndi Azamba, akulu a makoleji a unamwino a boma ndi a CHAM, ndiponso ametironi ndi ainchaji a mawodi,

Akuluakulu athu,

Tikulemba ife anamwino ndi aphunzitsi amene timalandira ophunzira akamalowa m'wodi koyamba. Nkhani yathu ndi ya namwino amene amapatsidwa wophunzira kuti amuyang'anire ndi kumuphunzitsa pa bedi la wodwala. Kusukulu amamutcha pulisepita, ife m'kalatayi timutcha mlangizi wa m'wodi. Pempho lathu ndi lakuti munthu ameneyu azidziwika ndi dzina, aziuzidwa chochita, ndipo azipatsidwa nthawi yochichitira. Pamene izi palibe, buku la maluso la wophunzira limadzaza ndi masainecha tsiku lomaliza, wosainayo asanamuonepo mwanayo akugwira wodwala. Pansipa talemba zimene tikufuna kuti mlangizi aliyense azipatsidwa m'manja ophunzira asanafike.

Tiyambe ndi munthu amene akubwerayo. Wophunzira wa ulendo woyamba wayeza bipi ya mnzake m'kalasi, wasambitsa chidole, wayala bedi lopanda munthu. Sanamvepo fungo la chilonda cha pamsana, sanatembenuzepo bambo wamkulu wofa ziwalo, ndipo ambiri sanaonepo munthu akutsirizika. Amaopa kufunsa chifukwa anakula akuuzidwa kuti wamkulu safunsidwafunsidwa. Choncho amachita chimene waona akulu akuchita, chabwino kapena choipa, ndipo chimene watola m'masabata oyambawa chimam'kakamira zaka zambiri. Paja kuwongola mtengo m'poyamba.

Tsiku loyamba lisathere pa kumuonetsa kumene kuli zimbudzi ndi kabati ya nsalu. Mlangizi akhale naye pansi mphindi 20 kapena 30, atsegule pepala la zolinga lochokera ku koleji, ndipo amufunse zimene anayeserera kale ndi zimene akuziopa. Kenako amuuze mosabisa mmene ntchito iliyonse idzayendere. Poyamba adzaonerera. Kachiwiri adzachita limodzi ndi mlangizi. Kachitatu adzachita yekha mlangizi ataima pambali, manja ali kumbuyo. Pokhapo mpamene angatumidwe yekha n'kubwera kudzanena zimene wapeza. Ntchito iliyonse ili ndi makwerero akeake: amene waloledwa kuyala bedi yekha sanaloledwe kuyeza bipi yekha. Ndipo pali zina zimene pa ulendo woyamba sizifika konse pa khwerero lomaliza. Kupereka mankhwala, kubaya jakisoni, kusintha kathamangidwe ka diripi, ndi kuuza abale za matenda a wodwala, izi wophunzira sachita popanda namwino wovomerezeka pambali pake, ngakhale wodi itadzaza chotani, ngakhale usiku. Auzidwenso tsiku lomwelo kuti akadzibaya ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito asambe pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda, ndipo anene nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Wophunzira woopa kukalipiridwa amabisa bala lotere mpaka Lolemba.

Tsiku lomweli mlangizi anene mawu awa: "Tsiku lililonse ndizikuuzani chimene ndaona mwachita bwino ndi chimene mukonze. Nonse ndizikuuzani, si inu nokha." Zikuoneka zazing'ono, koma kwathu kuno kuitanidwa pambali ndi wamkulu kumatanthauza mlandu. Wophunzira amene sanachenjezedwe amalowa m'kachipindako mtima uli phaphapha, ndipo palibe chimene amamva.

Tsopano tione chitsanzo chimodzi bwinobwino, chifukwa kupereka ndemanga sikuphunzitsika ndi mawu a pamwamba. Tatenga kuwerenga kapumidwe, popeza ndi ntchito imene wophunzira amapatsidwa sabata yoyamba ndipo ndi imene imanamiziridwa kwambiri pa tchati.

Tinene kuti ndi tsiku lachinayi m'wodi ya abambo. Wophunzira, timutche a Phiri, wapatsidwa odwala asanu ndi mmodzi kuti awayeze nthawi ya 10 koloko. Mlangizi akuyang'ana matchati ndipo akupeza kuti kutentha kwa thupi kukusiyana, kugunda kwa mtima kukusiyana, koma kapumidwe ka onse kalembedwa 20. Pa bedi lachinayi pali bambo wachikulire wodwala chibayo, thupi latentha 38.6, mtima ukugunda 108. Mlangizi akuima pamenepo, akuwerenga yekha mphindi yathunthu, akupeza 30. Munthu wamkulu amene ali phee amapuma pakati pa 12 ndi 20 pa mphindi, ndipo kapumidwe nthawi zambiri ndiko kamayamba kusintha wodwala akamaipiraipira, bipi isanatsike. Nambala 20 ija yabisa bambo amene akufunika kuonedwa tsopano lino.

Choyamba ndi wodwala. Mlangizi amudzutse kuti atsamire, ayeze okosijeni pa chala, ndipo ngati ili pansi pa 90 ayambe kupereka mpweya monga mwa malangizo a wodi, aitane dokotala kapena kiliniko ofesala. Wophunzira aitanidwe kuti adzathandize ndi kuona zonsezi, koma za tchati zisatchulidwe pamenepo. Pa bedi pali agadiyani, pali odwala ena, ndipo wophunzira wochititsidwa manyazi pamaso pawo sadzakhulupiriridwanso m'wodi imeneyo. Mawa lake akabwera ndi makina a bipi adzamva kuti, "Ife tikufuna anesi enieni."

Wodwala akakhazikika, tsiku lomwelo shifiti isanathe, mlangizi amutengere wophunzirayo pamalo poti ena samva. Mphindi zisanu kapena khumi zakwana. Asayambe ndi kuti "mwaona bwanji ntchito yanu lero?" Funso lalikulu chonchi yankho lake limakhala "zinali bwino" kapena chete. Afunse chinthu chimodzi chogwirika.

"A Phiri, tandiuzani mmene munawerengera kapumidwe ka bambo a pa bedi lachinayi aja."

Akatero adikire. Chete ameneyu ndi wovuta kupirira, ndipo alangizi ambiri amamudzaza ndi ulaliki. Awerenge chamumtima mpaka khumi. Kawirikawiri yankho limabwera lotere:

"Pepani asisita, amandiyankhulitsa, ndiye ndimasokonezeka. Komanso ndinalibe wotchi."

Apa mlangizi anene chimene waona, popanda kumutcha munthuyo dzina lililonse:

"Zikomo kuti mwandiuza zoona. Pa matchati onse asanu ndi limodzi mwalemba 20. Bambo aja ndawerenga ndapeza 30, ndipo mwaona nokha kuti anafunika mpweya. Adokotala akanawerenga 20 akanawadutsa. Mukalephera kuwerenga, musiye malowo opanda kanthu mudzandiitane. Malo opanda kanthu ndingawadzaze, koma nambala yopeka imanamiza wodi yonse."

Taonani kusiyana kwa mawu amenewa ndi akuti "ndinu waulesi" kapena "mumanama". Ulesi wophunzira sadziwa kuti aukonza bwanji pofika mawa, ndipo angautsutse. Nambala 20 yolembedwa kasanu ndi kamodzi sangaitsutse, ndipo akudziwa pogwira. Kenako mlangizi amuphunzitse kanthu kamodzi kamene kathetse vuto lenilenilo. Akamaliza kuwerenga kugunda kwa mtima asachotse zala pa dzanja la wodwala, apitirize kugwira ngati akuwerengabe, maso ali pa chifuwa. Wodwala akadziwa kuti akumuwerengera mpweya amasintha kapumidwe, koma akaganiza kuti ndi mtima amakhala chete. Kukwera ndi kutsika kwa chifuwa ndi mpweya umodzi. Awerenge masekondi 60 athunthu, chifukwa wowerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi akaphonya mpweya umodzi waphonya inayi. Aonenso ngati mphuno zikutukuka, ngati pakati pa nthiti pakulowa, ndi ngati wodwala akutha kumaliza chiganizo osapumira.

Asamalize ndi funso loti "mwamva?" Yankho lake ndi "eya" nthawi zonse, chifukwa ndiwo ulemu. Amalize ndi pangano: "Pa 2 koloko tikawerengere limodzi odwala atatu, inu nambala yanu, ine yanga, tikafananize." Akasiyana ndi mpweya umodzi kapena iwiri palibe vuto. Akasiyana ndi isanu abwereze. Odwala asanu otsala aja ayezedwenso, nambala zolakwika zidulidwe ndi mzere umodzi woti zioneke, zolondola zilembedwe ndi nthawi yake, ndipo asainire. Osafufuta. Apa wophunzira waphunziranso mmene cholakwa chimakonzedwera m'failo ya wodwala.

Pali funso lina limene mlangizi woona mtima ayenera kudzifunsa yekha: mwanayu 20 ameneyu anamuona kuti? Akatsegula matchati a usiku wathawu n'kupeza 20 yemweyo wolembedwa ndi anamwino olembedwa ntchito, ndiye kuti wophunzira wangotsata mapazi. Imeneyo ndi nkhani ya ainchaji ndi wodi yonse, ndipo kukalipira wophunzira yekha kungakhale kupanda chilungamo.

Kuyamikira nakonso kuli ndi kachitidwe kake. "Mwachita bwino" amasangalatsa koma saphunzitsa, popeza wophunzira sadziwa kuti mwa zinthu khumi zimene wachita, choti abwereze ndi chiti. Mlangizi atchule chinthucho: "Ndaona kuti mayi a mkono waukulu aja munakawatengera lamba wamkulu wa bipi. Mwachita bwino, chifukwa lamba wochepa amakweza nambala ndipo munthu angapatsidwe mankhwala osafunika." Kapena: "Munatsitsa mpweya wa m'lamba wa bipi pang'onopang'ono, 2 kapena 3 mmHg pa sekondi, n'chifukwa chake munamva kugunda koyamba." Mawu otere amakhomerera luso. Ndipo aziperekedwa paokha nthawi zina, popanda "koma" wotsatira.

Tikunena izi chifukwa njira imene ambiri anaphunzira, yoyamba ndi chabwino, kuika choipa pakati, n'kutseka ndi chabwino china, ili ndi mavuto awiri. Wophunzira wodzidalira amatola zabwino ziwirizo n'kupita kwawo akuganiza kuti zonse zili bwino. Wamantha amazolowera kuti kuyamikira ndi chizindikiro cha chikwapu, ndiye samvanso chabwino chilichonse, amangodikira "koma". Pa nkhani yaing'ono njirayi ilibe vuto. Pa nkhani yoika moyo pa chiswe, monga ya kapumidwe ija, cholakwa chinenedwe poyera, chisakutidwe.

Njira ina imene timaiona yothandiza wodi ikathina ndi ya mphindi imodzi, imene aphunzitsi a madokotala ku Amereka anailemba mu 1992. Wophunzira akabwera kudzanena kuti "asisita, mayi a pa bedi lachisanu thupi latentha 39.2", mlangizi asathamangire kumuuza chochita. Amufunse kuti iyeyo akuganiza kuti achite chiyani. Akayankha, amufunse chimene waona kuti aganize choncho. Kenako amupatse mfundo imodzi yoti adzaigwiritse ntchito kwa odwala ena, monga yakuti thupi likatentha ayezenso mtima, kapumidwe ndi bipi asanabwere kudzanena, chifukwa kutentha kokha sikuuza ngati munthu ali pangozi. Amuyamikire pa chimene wachita bwino, amukonze pa chimodzi chimene waphonya, basi. Zonsezi zimatheka mukuyenda kupita ku bediko. Ubwino wake ndi wakuti mlangizi amamva mmene mutu wa wophunzira ukuyendera. Wina amayankha molondola mwangozi, wina amalakwitsa yankho koma kaganizidwe kake kali pafupi, ndipo awiriwa safunika thandizo lofanana. Kwa wa ulendo woyamba funso likhale lofewa, ndipo "sindikudziwa" alandiridwe ngati yankho labwino. Safunsa anadya phula, koma m'wodi wodya phulalo amakhala wodwala.

Tsiku limodzi, chokonza chimodzi kapena ziwiri. Mlangizi wakhama amaona zolakwa zisanu ndi zitatu pa kusambitsa kumodzi ndipo amafuna kuzinena zonse. Wophunzira amatuluka ndi mutu wolemera, osakumbuka ngakhale chimodzi. Asankhe chimene chingavulaze wodwala, kenako chimene chikuchotsa ulemu wa wodwala, monga kumusiya wamaliseche opanda chotchinga. Ngodya ya nsalu ya bedi idikire sabata yamawa.

Nanga cholakwa chikamachitika maso akuona? Ngati wophunzira wagwira chilonda cha wodwala mmodzi ndipo akupita kwa wina ndi magolovesi omwewo, kapena watenga mankhwala osayang'ana dzina pa tchati, mlangizi sadikira madzulo. Alowerere pomwepo ndi mawu amene anagwirizana tsiku loyamba, monga "tandilolani ndikuthandizeni pamenepo". Wophunzira amadziwa kuti mawuwa akutanthauza kuti aime, wodwala amangomva anthu awiri akuthandizana. Kufotokoza kudzabwera atatuluka. Ngati cholakwacho sichivulaza, monga kuiwala thaulo, amusiye adzionere yekha mavuto ake. Mlangizi wolanda ntchito m'manja pa kachinthu kalikonse amatulutsa wophunzira woima kumbuyo, manja m'thumba.

Zonenedwa pakamwa zimauluka, choncho zina zilembedwe. Mizere itatu m'buku la wophunzira ndi yokwana: tsiku ndi chimene chinaoneka, chimene anagwirizana, ndi tsiku loonanso. Mwachitsanzo: "Analemba kapumidwe 20 kwa odwala 6 osawerenga. Taphunzira kuwerenga masekondi 60. Tidzawerengera limodzi odwala 3 tsiku lililonse mpaka Lachisanu." Lachisanu likafika palembedwe zotsatira, ndipo zikakhala zabwino zilembedwe momveka chimodzimodzi. Mawu ngati "ndi wolimbikira" kapena "awonjezere khama" sathandiza mphunzitsi wa ku koleji, sathandiza mlangizi wa wodi yotsatira, ndipo sateteza aliyense pakabuka dandaulo.

Pakati pa nthawi ya ulendowo pakhale kukumana kwa mphindi 20, kolembedwa pa kalendala kuyambira tsiku loyamba. Ngati ophunzira akhala masabata asanu ndi limodzi, kukumanaku kuchitike kumapeto kwa sabata yachitatu. Apa mpamene wophunzira amene akutsalira amauzidwa mosapita m'mbali kuti pa mmene zilili sangakhoze, n'kupatsidwa zinthu ziwiri kapena zitatu zoti aonetse pofika tsiku lakutilakuti. Palibe wophunzira woyenera kumva koyamba tsiku lomaliza kuti walephera.

Tikhalitse pang'ono pa nkhani ya kulepheretsa, chifukwa ndi pamene alangizi abwino amagwa. Amadziwa kuti makolo anagulitsa chimanga kapena mbuzi kuti fizi ipezeke. Amaopa kutchedwa wankhanza, amaopa kuitanidwa kukafotokoza, ndipo nthawi zina amadzikayikira chifukwa wophunzirayo anangomuona kawiri. Ndiye amasaina, n'kudziuza kuti a wodi yotsatira adzamukonza. A wodi yotsatira amaona sainecha n'kumutuma yekha. Chifundo chotere chimalipiridwa ndi wodwala amene sanafunsidwe. Koma mlangizi sangalimbe mtima yekha. Ayenera kudziwa kuti akalemba zimene anaona, ndi masiku ake, koleji ndi ametironi adzaima naye, ndiponso kuti wophunzirayo adzapatsidwa masabata owonjezera, osati kuthamangitsidwa. Asanafike pamenepo afufuze chimene chikumutsalitsa. Wina amafika mochedwa chifukwa nyumba ya lendi ili kutali ndipo ya minibasi inatha. Wina amanjenjemera pa 11 koloko chifukwa sanadye. Wina samva bwino kugunda m'chomvetsera, kapena saona timizere ta sirinji, ndipo sanayezedwepo maso kapena makutu. Wina wasiya kuyandikira odwala kuyambira tsiku limene anathandiza kukonza thupi la womwalira ndipo palibe anamufunsa mmene akumvera. Zonsezi pa tchati zimaoneka ngati ulesi. Wophunzira akakumana ndi imfa yoyamba, mlangizi amupatse mphindi zochepa kunja, amufunse, amuuze kuti kulira sikulephera mayeso.

Tsopano kwa inu, akuluakulu, chifukwa zonse tanenazi mlangizi sangazichite ngati ali yekha ndi odwala makumi angapo ndi ophunzira khumi ndi asanu ochokera m'makoleji atatu.

Ametironi ndi ainchaji, dzina la mlangizi lilembedwe pa ndandanda wa ntchito moyang'anizana ndi mayina a ophunzira ake, pamodzi ndi wachiwiri wake wa masiku amene iye ali pa ofu. Wophunzira wa aliyense ndi wophunzira wopanda mwini, ndipo amathera tsiku akutumidwa ku labu, ku famase ndi kukagula mandasi. Ndandanda ukonzedwe kuti mlangizi ndi ophunzira ake azikumana pa shifiti masiku osachepera atatu pa sabata. Ife tikupempha kuti pa ulendo woyamba mlangizi mmodzi asapitirire ophunzira anayi kapena asanu, popeza kuonerera munthu mmodzi akuyeza odwala atatu kumadya pafupifupi theka la ola. Mphindi 15 zomaliza za shifiti ziikidwe padera kuti zikhale za ndemanga, ndipo anzake a m'wodi adziwe kuti nthawi imeneyo mlangizi ali pa ntchito, sanathawe. Musatumize wophunzira wa chaka choyamba kukatseka dzenje la namwino amene sanabwere usiku. M'wodi mukhale wotchi ya pakhoma yokhala ndi muvi wa masekondi, malamba a bipi a misinkhu iwiri, ndi pepala lomatidwa poonekera losonyeza manambala amene wophunzira akawapeza athamange kukanena osadikira kumaliza odwala ena.

Akulu a makoleji, zolinga za ulendo zifike m'wodi sabata imodzi ophunzira asanabwere, pa pepala limodzi, zolembedwa ngati ntchito zooneka ndi maso. Mphunzitsi wa koleji azifika kamodzi pa sabata pa tsiku lodziwika, ndipo mlangizi akhale ndi nambala yake ya foni. Muzikambirana makoleji okhaokha za masiku otumizira ophunzira, kuti wodi isasefukire mwezi uno n'kukhala yopanda wophunzira mwezi wamawa. Konzaninso buku la maluso. Pa luso lililonse pakhale malo osonyeza khwerero limene wophunzira wafika, tsiku limene anaonedwa, ndi dzina la woonayo lolembedwa moti liwerengeke. Buku limene maluso makumi awiri asainidwa tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi lizibwezedwa ndi funso. Ophunzira nawonso apatsidwe njira yonenera za alangizi awo popanda dzina, ndipo pakhale munthu wodziwika kunja kwa wodi amene angamuuze ngati wina akuwanyoza, kuwapempha ndalama kapena kuwafuna chibwenzi posinthana ndi sainecha.

A Bungwe la Anamwino ndi Azamba ndi a Unduna, namwino waluso pa bedi sakhala mphunzitsi mwa kungouzidwa kuti "awa ndi anu". Tikupempha maphunziro a masiku awiri kapena atatu kwa aliyense asanapatsidwe ophunzira, ndipo nthawi yambiri ya maphunzirowo ithere pa kuyeserera: wina akhale wophunzira amene walemba 20, wina akhale mlangizi, wachitatu amvetsere n'kunena mawu amene anabaya munthu m'malo mwa ntchito. Ayeserenso kuuza wophunzira kuti sanakhoze, chifukwa mawu amenewo satuluka pakamwa pa amene sanawayesepo. Maphunzirowa achitikire m'zipatala za m'maboma momwemo, kuti asamathere kwa anthu ochepa omwewo amene amapita ku misonkhano. Ntchito ya ulangizi iziwerengedwa pa mapointsi owonjezera maphunziro amene namwino amafunika pokonzanso laisensi yake, ndipo izionekera pokweza anthu pa ntchito. Mukamayendera zipatala zimene zimalandira ophunzira, musathere mu ofesi. Tengani mabuku a ophunzira atatu, funsani aliyense dzina la mlangizi wake ndi chinthu chomaliza chimene anauzidwa kuti akonze, kenako tsegulani matchati khumi muone mzere wa kapumidwe.

Gulu lotsatira la ophunzira a chaka choyamba lisanalowe m'mawodi, tikupempha kuti koleji iliyonse ndi chipatala chimene imatumizako ana akhale pansi tsiku limodzi, alembe mayina a alangizi, agwirizane chiwerengero cha ophunzira pa wodi, ndipo aike pa kalendala tsiku la kukumana kwa pakati. Ife ndife okonzeka kubwera pa zokambiranazo ndi zitsanzo za mapepala amene tatchulawa.

Ndife anu pa ntchito,

Anamwino ndi aphunzitsi a m'mawodi